Chenjezo kwa inu othamangira kumwaza mauthenga musanadziwe chimene wolemba akufuna

Abale anga a mu Lilongwe muno, khalidwe limene lafala m'magulu athu a pa WhatsApp likundidetsa nkhawa, ndipo lero ndilankhula mosapsatira. Uthenga ukangofika pa foni, chala chili kale pa kutumiza. Gulu la mpingo, gulu la banki m'khonde, gulu la makolo a kusukulu, onse alandira ola lisanathe. Mukafunsidwa kuti walemba ndani ndipo akufuna chiyani, yankho lanu ndi lakuti “ndangotumiza mmene ndalandirira.” Limenelo si yankho la munthu wamkulu. Aliyense wolemba amakhala ndi chimene akufuna kwa inu. Wina akufuna mudziwe kanthu, wina akufuna akukopeni kuti mugule kapena mumutsatire, wina akungofuna museke. Atatuwa salemba mofanana, ndipo kuwasiyanitsa sikulira digiri.

Nditenga nkhani ya kolera chifukwa tonse tikuikumbukira. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre. Nthawi ngati imeneyo mauthenga amachuluka kuposa masiku onse. Ndalemba mauthenga atatu achitsanzo, motsanzira amene amayenda m'mafoni mwathu, kuti tiwaunike limodzi.

Woyamba ndi uwu: “Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Mpatseni pang'onopang'ono, pafupipafupi, muli pa ulendo wopita kuchipatala. Thanzi amabwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, koma salowa m'malo mwa chipatala.”

Taonani mawu ake. Paketi imodzi, lita imodzi: zinthu zoyezeka, zoti mukhoza kukafunsa kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu nakuuzani ngati zili zoona kapena zabodza. Mulibe mawu otamanda, mulibe oopseza. Chofunika kwambiri chili koyambirira, moti ngakhale mutawerenga chiganizo choyamba chokha mwapindula kale. Nkhani za m'nyuzi zolembedwa bwino zimayalidwanso chomwecho: ndime yoyamba imanena chimene chachitika, kumene chachitikira, tsiku lake ndi amene wanena, zotsalazo zimangowonjezera. Koma chizindikiro chachikulu chili pa mawu aja akuti “koma salowa m'malo mwa chipatala.” Munthu wofuna kukudziwitsani amakuuzani pamene chinthu chake chikulekezera. Wogulitsa sanena zimenezo, chifukwa zimamuthawitsira makasitomala.

Wachiwiri ndi amene akutipweteka, ndipo ndikhalapo nthawi. “CHIDZIWITSO CHOFUNIKA KWA AMALAWI ONSE!!! Kodi mudikira mpaka mwana wanu afe? Akatswiri atsimikiza kuti mankhwala athu achilengedwe amachiza kolera kotheratu. Iwo safuna kuti mudziwe zimenezi. Mayi wina wa ku Area 25 anachira tsiku lomwelo. Mabotolo atsala ochepa, imbani lero lomwe. Tumizani kwa onse amene mumawakonda.”

Ambiri a inu mumagwa pa mutu pomwepo. Mwaona mawu akuti “chidziwitso” ndiye mwati ndi chidziwitsodi. Mutu aliyense akhoza kulemba mmene wafunira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsikani m'munsi muwerenge chiganizo chimodzichimodzi, mukudzifunsa kuti apa ndaphunzirapo chiyani chimene ndingakatsimikize.

Chiganizo choyamba ndi funso, koma si funso lofuna yankho. Palibe kholo limene lingayankhe kuti inde, ndidikira mwana afe. Ntchito yake ndi kukudzidzimutsani mtima kuti zotsatirazo muziwerenge muli ndi mantha. Chachiwiri chikuti “akatswiri atsimikiza.” Akatswiri ati? A kuchipatala chiti, pa tsiku liti? Wodziwitsa akanatchula dzina ndi udindo wa wolankhulayo. Uyu wabisala kumbuyo kwa anthu opanda nkhope, monga amachitira amene amalemba kuti “zamveka kuti” kapena “akuti.” Kenako pali “kotheratu.” Mawu a mtundu umenewu, monga “okhawo,” “enieni,” “osalephera,” “matenda onse,” satchula malire, ndipo palibe mankhwala opanda malire. Ndiye pabwera “iwo.” Iwo ndani? Simuuzidwa. Wolembayo wangodula anthu pawiri, ife ozunzika ndi iwo obisa choonadi, kuti inu mukakayikira mudzione ngati mwalowa mbali ya adani. Mayi wa ku Area 25 alibe dzina, ndipo Area 25 ndi yaikulu moti simungamupeze ngakhale mutayenda nyumba ndi nyumba. Dera latchulidwa kuti nkhani imveke ya pafupi, basi.

Tsopano yang'anani mayalidwe a uthenga wonsewo. Wayamba ndi mantha, wapereka mdani, waika umboni wa munthu mmodzi, wafika pa mabotolo, watsiriza ndi kukufulumizani. Ndi makwerero, ndipo sitepe iliyonse ikukukankhirani ku nambala ya foni. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti uthenga wokayikitsa muziyamba kuuwerenga kumapeto. Wodziwitsa amathera pa mfundo kapena pa kumene mungakafunse zambiri. Wokopa amathera pa lamulo: imbani, gulani, voterani, tumizani. Mukapeza lamulolo, funsani kuti ndikachita zimenezi apindule ndani. Mu uthenga uwu mulibe mlingo wa mankhwala, mulibe dzina la zimene zili m'botolomo, mulibe mawu amodzi onena za kubwezeretsa madzi m'thupi, pamene kolera amapha chifukwa chotha madzi, nthawi zina m'maola ochepa chabe. Kholo la ku Mtandire kapena ku Chinsapo likataya theka la tsiku kufunafuna botolo chifukwa cha uthenga umene inu munatumiza, mwatengapo mbali pa zimene zingachitikire mwanayo. Ndikunena izi mtima ukundiwawa.

Musaganize kuti wokopa aliyense amakuwa ndi zilembo zikuluzikulu. Ochenjera amalemba mofatsa, ndipo kukopa kwawo kumabisala m'tizigawo ting'onoting'ono ta mawu. Anthu asonkhana pa msonkhano ku Masintha. Wina alemba kuti “anthu anasonkhana,” wina “chinamtindi cha anthu chinakhamukira,” wina “kagulu ka anthu kanaoneka.” Bwalo ndi lomwelo, anthu ndi omwewo, koma “chi” wakuza ndipo “ka” wanyoza, wolembayo osatchula n'komwe chiwerengero. Chimodzimodzi “wanena,” “wavomereza,” “wadzitama,” “wabwebweta.” Loyamba likungopereka nkhani. Enawo akuweruza munthuyo inu musanamve zimene wanena. Mukaona mawu otere atatu kapena anayi onse akupendekera mbali imodzi, dziwani kuti zimenezo si nkhani wamba, wolembayo ali ndi mbali yake ndipo akufuna mukhale nayo.

Wachitatu ndi wa nthabwala. “Mkulu wina ku Kawale atamva kuti kolera amaopa ukhondo, anavala suti, tayi, nsapato zopolisha, n'kukhala pakhonde phee. Akazi awo ati, ‘Bambo, mwasamba m'manja?’ Iwo ati, ‘Mayi, kolerayo akandiona chonchi ayerekeza?’”

Uyu n'ngosavuta. Muli “mkulu wina” wopanda dzina ndi tsiku, muli anthu akuyankhana, muli mawu ojambula zinthu ngati “phee,” ndipo nsonga yasungidwa mpaka mzere womaliza. Wodziwitsa amaika chachikulu patsogolo, woseketsa amachibisa kuti mudzaseke pamapeto. Kale nthano inkayamba ndi “padangokhala,” ife n'kuvomera “tili tonse,” ndipo aliyense ankadziwa kuti zimene zikubwerazo si zokakambira kwa amfumu. Lero chizindikiro chimenecho palibe, ndiye pali ena a inu amene mumatenga nthabwala, kuchotsa tinkhope toseka tija, kuikapo dzina la munthu weniweni kapena sitolo yeniyeni, n'kutumiza ngati nkhani. Ikadutsa m'manja angapo, WhatsApp imailemba kuti “Forwarded many times,” ndipo anthu ena amayesa kuti zimenezo zikuchitira umboni. Mawuwo akungonena kuti uthenga wayenda kwambiri. Sakunena kuti ndi woona. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za zochitika pa makina a intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba kapena kutumiza pa foni.

Wina andifunsa kuti, “Nanga agogo, a zaumoyo akamati sambani m'manja ndi sopo, si kukopa kumeneko?” Ndi kukopa ndithu, ndipo kukopa pakokha si tchimo. Mlaliki amakopa, mlangizi wa zaulimi amakopa, inenso pano ndikukukopani, ndipo mwaona kuti ndikulamula ndi kudzudzula poyera. Zolemba zambiri zimasakaniza zolinga: sewero la pa wailesi limakuseketsani uku likukuphunzitsani za chimbudzi, ndipo wotsatsa malonda amaikamo mfundo imodzi yoona kuti zinazo zilowe bwino. Choti muyang'ane ndi cholinga chimene chikutsogolera, komanso ngati wolembayo akuchionetsa kapena akuchibisa. Chikwangwani cha zaumoyo chimalembedwa dzina la unduna kapena bungwe limene lachitulutsa, chimapereka chifukwa chake, ndipo chimene chikukupemphani n'chopindulira inu nomwe. Uthenga wa mabotolo uja wavala dzina la chidziwitso, wabisa mwini wake, ndipo phindu lake likupita ku nambala ya munthu wosadziwika.

Inu oyang'anira magulu, amene mumatchedwa ma adimini, udindo waukulu uli pa inu. Uthenga ukabwera wopanda dzina la wolemba, wopanda tsiku, wodzaza “kotheratu” ndi “iwo,” wothera pa “tumizani kwa onse,” mufunseni amene wautumizayo pagulu pomwepo kuti akatswiriwo ndi ati ndipo ananenera kuti. Akalephera kuyankha, uchotseni, ngakhale wotumizayo atakhala mkulu wa mpingo kapena apongozi anu. Ngati ndi nthabwala, lembani pansi pake kuti ndi nthabwala, chifukwa m'gulumo muli amayi ndi abambo achikulire amene amakhulupirira chilichonse cholembedwa. Ndipo ngati uthengawo ukukhudza matenda, musautumize musanaufunse kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala cha pafupi, kaya ndi ku Bwaila, ku Kawale kapena ku Area 18.