Nambala ya kaunjika mukutigulitsa ngati yatsopano

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Usiku wathawu cha m'ma 11 koloko foni yanga inalira. Nditayankha ndinamva mawu a mayi wachikulire, akuyankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa ana: "Mwana wanga, bwanji osandiyankha masiku onsewa?" Ine ndinati, "Amayi, pepani, mwalakwitsa nambala." Iwo anandiwerengera nambala yonse pamtima, osaphonya ngakhale imodzi. Inali yanga. Inali ya mwana wawo. Mwanayo ali ku Joni chaka chachiwiri tsopano, ndipo nambala imene ankalankhulirana nayo pa WhatsApp ndi imene ine ndinagula masabata atatu apitawo pa kabenchi ka ejenti kumsika, ili m'kapepala komatamata bwino, akundiuza kuti ndi yatsopano. Amayiwo anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti, "Nanga inu bambo, mwana wanga mwamuona?" Ndinagona mochedwa.

Nambala imeneyi si yatsopano. Kakhadi kapulasitiki ndiye katsopano, koma nambalayo ndi ya kaunjika. Ndipo kaunjika wa kumsika ndi wabwinoko, chifukwa wogulitsa sakunamiza. Umadziwa kuti malayawa anavalapo wina, umapisa m'matumba, umakachapa usanavale. Apa ayi. Akupatsa chovala cha munthu wina, m'matumba muli makalata ake, ngongole zake, matenda ake, abale ake, osakuuzako ngakhale liwu limodzi.

Ndikudziwa, manambala ndi owerengeka, ndiye simu ikakhala miyezi ingapo osaimba, osathira mayunitsi, kampani imaitseka n'kudzaigulitsanso. Chabwino. Mkwiyo wanga suli pamenepo. Uli pakuti amangofufuta dzina m'kaundula wawo basi, n'kusiya dziko lonse likudziwabe kuti nambalayi ndi ya munthu uja.

Tamvani zimene zalowa m'foni mwanga m'masabata atatuwa. Tsiku lachiwiri unabwera uthenga wochokera ku banki ina, banki imene ine sindinapondemo phazi. Unali ndi manambala omalizira a akaunti, ndalama imene yalowa, K180,000, ndi ndalama yotsala. Patapita masiku angapo unabweranso wina wonena kuti K60,000 yatuluka. Ine mlendo, ndikudziwa zimene zili m'thumba mwa munthu amene sindinamuonepo nkhope. Kenako anthu a ngongole. Aimba kasanu ndi kawiri, ndawerenga. Ndikawauza kuti si ine, amati, "Onse amatero." Mmodzi anandiopseza kuti adzabwera kudzanyamula katundu. Ndiye panabwera uthenga umene unandizizira m'thupi: chikumbutso cha tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala. Sindinena zambiri pa umenewu. Chinsinsi chimene mwina ngakhale mayi ake sakuchidziwa chinafika kwa ine, ndili pa minibasi, chifukwa choti ndinalipira kandalama kochepa pa kabenchi.

Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi cha WhatsApp, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa anthu ambiri sakudziwa mmene zimachitikira. Mnyamata akamapita ku Joni amapita ndi WhatsApp yake ya nambala ya kuno. Akafika amagula simu ya kumeneko, ya kuno amaitaya kapena kuiika m'chikwama. WhatsApp imagwirabe ntchito, chifukwa simu imafunika tsiku lolembetsa lokha, pamene amakutumizira khodi ya manambala 6. Kuyambira apo imangofuna intaneti. Ndiye iye amachezabe ndi abale ake chaka chathunthu osadziwa kuti kuno simu ija inafa kalekale, ndipo nambala yabwerera pamsika. Tsiku limene ine ndinaika simu m'foni n'kutsegula WhatsApp, khodi ija inabwera kwa ine, poti nambala ili m'manja mwanga. Nditangoilemba, iye uko inamutsekera. Kuti abwereremo akufunika khodi ina, ndipo khodiyo ibweranso kwa ine. Ndinamulanda foni m'manja ndili ku Malawi, osadziwa.

Mauthenga ake akale sindinawaone, amenewo amakhala m'foni mwake. Koma ndinapeza chithunzi cha mnyamata wovala chipewa chofiira pamalo pamene pamayenera kukhala chithunzi changa, ndipo pasanathe ola ndinali m'magulu anayi: la banja, la kwaya ya kumpingo, la anyamata a kumudzi kwawo amene ali ku Joni, ndi lina la chipereganyu. A WhatsApp amanena okha kuti akaunti ikakhala masiku 45 osagwiritsidwa ntchito kenako n'kutsegulidwa pa foni ina, amafufuta zakale monga chithunzi, poganiza kuti nambala yasintha mwini. Koma mnyamatayu akaunti yake sinagone ngakhale tsiku limodzi. Ndiye palibe chinafufutika. Ndinalowa m'nyumba mwake moto uli pa mbaula.

Ine ndinachita mantha, ndinatuluka m'magulu onse osanena kanthu, n'kusintha chithunzi. Apa ndinalakwa, ndikuvomera, ndikanalemba kaye kuti nambalayi yasintha mwini. Abale ake anangoona kuti watuluka m'gulu la banja, chithunzi chasintha, sakuyankha. Kwa masabata atatu mayi uja wakhala akuganiza kuti mwana wake wamukwiyira, kapena wamangidwa, kapena zoipa kuposa apo. Mudziwa inu nomwe nkhani zimene zimachokera ku Joni.

Tsopano taganizani ndikanakhala wa mtima wina. M'gulu la banja lija ndikanangolemba kuti, "Ndagwidwa ndi apolisi, tumizani K100,000 msanga pa nambala yomweyi." Ndani akanakayika? Nambala ndi yake, chithunzi ndi chake. Ndikanapita pa Facebook, n'kudina `Forgot password`, n'kulemba nambalayi, khodi n'kubwera kwa ine. Khodi ya ku banki nayonso ikubwera kwa ine. Sipafunika ukatswiri wa kompyuta apa, sipafunika kuba foni. Kiyi wa nyumba ya munthu akugulitsidwa pa kabenchi, movomerezeka, ndi chiphaso cha unzika pamwamba. Ku America, mu 2021, ofufuza a pa yunivesite ya Princeton anayesa manambala 259 amene anali pamsika kudikira eni atsopano, n'kupeza kuti 171 anali omangirirabe ku maakaunti a eni akale pa masamba otchuka a intaneti. Kumeneko anafika pokhazikitsa kaundula wa manambala osintha eni, woti kampani iyambe yafufuza isanaimbire munthu. Ndiye musandiuze kuti vutoli ndi losadziwika.

Ndinapita ku ofesi ya kampani ya foniyo. Ndinaima pamzere ola limodzi ndi theka. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti, "Nambalayi ndi yanu bambo, ili m'dzina lanu." Ndinati ndikudziwa, koma mauthenga si anga. Anati, "Muzingowafufuta." Kufufuta! Ndifufute mayi akulira? Ndinaimbira banki ija kuti asiye kunditumizira za ndalama za munthu wina. Anati sangasinthe nambala pa akaunti pokhapokha mwini wake abwere yekha ndi chiphaso. Mwini wake ali ku Joni, ndipo njira yomupezera ndi nambala imene ili m'thumba mwanga. Aliyense akuti mbali yake ili bwino, koma chinsinsi cha munthu chikungotayikira kwa ine tsiku ndi tsiku ngati mpopi wothyoka.

Mwini nyumba akatulutsa walendi n'kulowetsa wina, amasintha loko. Apa kampani yalowetsa walendi watsopano, loko yemweyo, makalata a wakale akubwerabe pakhomo, angongole akugogoda, ndipo lendi yokha ndiye akuitolera mosaphonya. Chimawavuta n'chiyani kulemba pa kapepala ka simu kuti nambala iyi inagwirapo ntchito? Chimawavuta n'chiyani kudziwitsa mabanki kuti manambala awa asintha eni, siyani kutumizako mauthenga? Mauthenga otsatsa mabandulo amatha kutitumizira kasanu pa tsiku. Kuyambira 2018 tonse tinaima pamizere kulembetsa masimu ndi chiphaso cha unzika, ndiye akudziwa bwino lomwe tsiku limene nambala yachoka kwa uyu kupita kwa uyo. Kudziwa akudziwa. Kunena ndiye sanena.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Inu amene mukuwerenga muli ku Joni, ku Mangalande, kapena muli konkuno koma muli ndi simu ina imene inagona m'dirowa kuyambira chaka chatha: nambala imene ili pa WhatsApp yanu, simu yake ili moyo? Iimbeni lero. Ikayankhidwa ndi mlendo, kapena ikamveka kuti kulibe, thamangani. Lowani `Settings`, `Account`, `Change number`, musamutsire akaunti pa nambala imene ili m'manja mwanu akaunti isanakutsekereni, magulu anu asamuka nanu. Ikaninso `Two-step verification`, pini ya manambala 6, ngakhale musaidalire kwambiri, chifukwa amene ali ndi simu akadikira masiku 7 amatha kulowabe. Ku banki, kuchipatala, kwa angongole, pa Facebook, kasintheni nambala nokha, palibe akuchitireni. Ndipo inu otumiza ndalama pa foni, werengani dzina limene likutuluka musanalembe pini. Lachisanu lapitali kunalowa K25,000 kwa ine kuchokera kwa mlongo wake wa mnyamatayu, ya chipereganyu chija. Dzina langa linaoneka pa foni yake, sanaliwerenge. Ndinabweza, ndipo ndalama yotumizira inadulidwa kwa ine.

Mayi aja ndawauza kuti apeze mnyamata wina wa kumudzi kwawo amene ali ku Joni, akamuuze mwana wawo kuti atsegule WhatsApp ndi nambala ya kumeneko. Anandithokoza kawiri konse, "Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni," ngati ndawachitira chabwino, pamene ndine amene ndinawadulira mwana wawo.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi za maejenti ena awa. Tsiku limene ndinkagula simuyi, mnyamata amene anali patsogolo panga analibe chiphaso. Ejenti anangoti, "Osadandaula," n'kutulutsa m'kabokosi simu yolembetsa kale, m'dzina la munthu wina, n'kuwonjezera mtengo pang'ono. Chiphaso cha ndani chimenecho? Changa anachijambula kawiri, akuti koyamba netiweki inavuta. Mpaka lero ndikudzifunsa kuti ndi masimu angati akuyenda m'tauni muno m'dzina langa.