Chenjezo: Kachidole Mumamata Pankhope ya Mwanako Sikabisa Kanthu

Ana anga, ndi inu a adimini a magulupu a WhatsApp, khalani pansi ndikuyankhuleni. Khalidwe mwayambali, loti pakangochitika ngozi kapena ndewu aliyense dzanja m'thumba kusolola foni, latikwana. Munthu ali thapsa pamsewu, inu mwaima pambali kufunafuna poonekera bwino. Pomwe ambulansi ikufika, vidiyo ija yadutsa kale magulupu a tchalitchi, a mpira ndi a banki mkhonde, nkhope za anthu zili poyera, nambala za galimoto zikuwerengeka.

Kwathu kuno uthenga wa zovuta uli ndi njira yake. Amatumidwa munthu wamkulu, amafika pakhomo, amakhala pansi, kenako ndiye amayankhula. Lero mayi akumva za mwana wake ali pamzere kuchigayo chifukwa mnzake wamuonetsa sitetasi. Amene munatumiza vidiyoyo, ndinu munapereka uthengawo, ndipo munaupereka mwachipongwe.

Koma lero sindilimbana kwambiri ndi osabisa n'komwe aja. Ndikufuna inu amene mumati "ife timabisa", inu omata kachidole koseka pankhope ya mwana n'kumadziona ngati mwachita zaumunthu.

Tiyerekeze chonchi. Minibasi yagunda wakabaza pamsewu wa M1, pafupi ndi malo ochitira malonda. Mwajambula masekondi 20. M'vidiyomo muli wakabaza wovulala, kamtsikana ka yunifolomu kamene kanali pakaliyala kakulira, amayi awiri ogulitsa tomato, ndiponso galimoto yaing'ono ya bambo wina amene waima kuti atengere ovulalawo kuchipatala. Mwamata kachidole pankhope ya kamtsikanako, mwatumiza.

Dziwani kuti vidiyo ndi zithunzi zambiri zondondozana. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti masekondi 20 anuwo ndi zithunzi 600. Kachidole kanu kakhala malo amodzi, koma mwana sanakhale malo amodzi: wawerama kutola chikwama, watembenuka kuyang'ana wovulalayo, ndipo dzanja lanu lomwe likunjenjemera. Nkhope ikatuluka kuseri kwa kachidoleko kwa theka la sekondi basi, ndiye kuti zithunzi 15 zili ndi nkhope yake yonse. Wofuna kumudziwa safunika zonse 15. Amangoimitsa vidiyo pamenepo, n'kutenga sikilinishoti imodzi, yatha. Pobisa nkhope palibe zoti "ndabisako pang'ono". Zithunzi 599 zobisika ndi chimodzi choonekera, mwanayo waonekera.

Ndiye chophimbacho chiyenera kuyenda limodzi ndi nkhope, ndipo izi zimatheka pafoni yomweyo muli nayo. Mu CapCut, imene ambiri a inu mumakonzera mavidiyo ovina, muli kachizindikiro kangati dayamondi kotchedwa Keyframe. Ikani chophimba pankhope pachiyambi penipeni, dinani kadayamondiko, sunthani vidiyo patsogolo pang'ono, kokerani chophimba pomwe nkhope yafika, n'kumapitiriza choncho mpaka kumapeto. Pulogalamuyo imayendetsa yokha chophimbacho kuchoka pamalo amodzi kufika pena, koma imayendetsa mowongoka, pomwe mutu wa munthu umayenda mokhotakhota. N'chifukwa chake pomwe mwana akusuntha kwambiri, zizindikirozo zichuluke, ngakhale theka lililonse la sekondi. Chophimba chikhale chachikulu kuposa nkhope, chophimba makutu, tsitsi ndi chibwano, ndipo chiyambe mwana asanalowe m'chithunzi, chithe atatulukiratu. Malo amene anthu ambiri amagwa nawo ndi sekondi yoyamba ndi yomaliza. Ndipo chithunzi choyambacho n'chimene WhatsApp kawirikawiri imaonetsa pamwamba pa vidiyo munthu asanaitsegule n'komwe.

Oika pa YouTube, muli ndi mwayi, chifukwa chida chobisira nkhope chinaikidwamo kuyambira 2012. Mu YouTube Studio, pa Editor, pali Blur. Mukasankha Face blur imafufuza yokha nkhope, mukasankha Custom blur mumajambula nokha kabokosi pa chinthu chimene mukufuna kubisa. Koma musagone tulo poti makina agwira ntchito. Nkhope yoyang'ana cham'mbali, yaing'ono chapatali, kapena ya munthu ali mumthunzi, makinawo amatha kuiphonya. Mukamaliza, onerani vidiyo yonse pang'onopang'ono, mukuimitsaimitsa, ngati ndinu mdani wa mwanayo amene mukufuna kumuzindikira.

Tsopano za kulimba kwa chophimbacho. Ena mumaika kachimbuuzi kopepuka, koti munthu akatsinzina pang'ono kapena kuika foni patali, nkhope imabwerera. Mlendo sangamudziwe, inde. Koma amene mukumubisira mwanayo si mlendo wa ku Karonga ayi, ndi anthu a m'dera lomwelo: anzake a kusukulu, oyandikana nawo nyumba, mwinanso munthu amene amamuzunza. Amenewo amamudziwa ndi kaimidwe komwe. Enanso mumapaka ndi cholembera chija chowalitsira mawu, chomwe utoto wake ndi woonekera mkati. Wina akangokweza kuwala kwa chithunzi, zapansi zimatulukira. Ngakhale kupotoza nkhope sikodalirika. M'chaka cha 2007, akatswiri apolisi a ku Germany anabwezeretsa nkhope ya munthu wina wogwirira ana amene ankaipotokola ngati kamvuluvulu pazithunzi zake, Interpol inafalitsa nkhopeyo, ndipo anagwidwa ku Thailand chaka chomwecho. Pamenepo zinathandiza poti anali chigawenga, koma phunziro lake n'lakuti chimene chinangosokonezedwa chikhoza kukonzedwanso. Chimene sichibwerera ndi chimene chaphimbidwa ndi kabokosi kakuda bii, kosaonekera mkati. N'kosakongola, ndikudziwa. Simukukongoletsa ukwati.

Pa nambala ya galimoto ndiye musayese n'komwe timabokosi ting'onoting'ono tija ta mosaic. Nambala ndi zilembo zochepa ndi manambala ochepa, olembedwa mofanana pagalimoto zonse, ndiye kulota n'kosavuta, makamaka m'vidiyo momwe chithunzi chilichonse chimaululako kachidutswa kake. Zilembo zoyamba ngati BT, LL, MZ kapena ZA munthu amazizindikira ndi maonekedwe okha. Phimbani nambala yonse, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo yang'anani ngati sinalembedwenso pagalasi kapena m'mbali, monga zimakhalira pagalimoto zina zamalonda.

Mudzafunsa kuti tibisirenji nambala pomwe wagunda munthu. Bwererani ku chitsanzo chija. Galimoto yooneka bwino kwambiri m'vidiyo yanu si minibasi, ndi ya bambo anaima kuthandiza aja, chifukwa ndi imene ili pafupi ndi wovulala. Vidiyo ikadutsa magulupu atatu, mawu anu ofotokozera atayika, wina walembapo ake: "Uyu ndi amene wagunda mwana." Inu mukudziwa mmene anthu athu amachitira akakwiya pamsewu, sadikira khoti, amatola miyala. Mawa bambo amenewa akadzaona ngozi ina, adzaima? Ngati nambala ya minibasi ndi umboni, malo ake ndi kupolisi ya zapamsewu, osati gulupu ya anthu amene munaphunzira nawo sekondale. Ngakhale Google, ndi ndalama zake zonse, inayamba kubisa nkhope ndi nambala za galimoto pazithunzi zake za m'misewu mu 2008 anthu atadandaula. Inu ndinu ndani kuti muzionetsa?

Nkhope si yokhayo imaulula munthu, ndipo apa ndi pomwe ngakhale osamala amapunthwa. Kamtsikana kaja mwakaphimba bwinobwino, koma yunifolomu ili ndi baji ya sukulu, kumbuyo kukuoneka chikwangwani cha golosale, ndipo mmodzi wa amayi a tomato akumveka akukuwa dzina lake. Mwabisa chiyani? Tsekani mawu a vidiyoyo, kapena dulani pomwe dzina latchulidwa. Phimbani baji. Chepetsani chithunzi m'mbali kuti chikwangwani chichoke. Ndipo musatumize vidiyo kapena chithunzi ngati Document poti kuti chioneke bwino, chifukwa njira imeneyo imatumiza fayilo mmene ilili, ndipo ngati foni yanu imasunga malo pojambula, malowo amapita nayo limodzi.

Pali ana ena oti ngakhale mutaphimba chotani, musawaike n'komwe. Mwana wachialubino, khungu la mikono ndi miyendo limamuulula, ndipo tonse tikukumbukira zoopsa zimene abale athuwa akumana nazo m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2014. Kumuonetsa pamodzi ndi njira imene amadutsa popita kusukulu n'kumulozera anthu oipa. Chimodzimodzi mwana wogwiriridwa, kapena amene wagwidwa akuba pamsika. Mudzi ukakhala waung'ono, kungotchula dera ndi msinkhu, aliyense wamudziwa. Inu a mabungwe ndi a mipingo ogawa ufa kwa ana amasiye, nanunso ndikukuonani: mwana wanjala savomera kujambulidwa, amangovomera ufawo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, wanu mukanamuika?

Musaganize kuti izi ndi zokamba za nkhalamba chabe. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Kuyambira 2017, malamulo omwewo amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho mtsikana wa Fomu 3 amene mukumuona ngati wamkulu uja akhoza kukhala mwana pamaso pa lamulo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kufalitsa dzina, sukulu kapena chithunzi choululitsa mwana amene nkhani yake ili kubwalo la milandu la ana. Palinso lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, ndi lina la 2024 loteteza mbiri za anthu, limene amayang'anira ndi a MACRA. Mawu oti "ine ndinangotumiza, sindinajambule" sangakuyeretseni pamaso pa makolo a mwanayo.

Kubisa kuchitike musanatumize, osati pambuyo. "Delete for everyone" imachotsa uthenga mugulupu, koma siingalowe m'foni ya amene watumiza kale kwina kapena watenga sikilinishoti. Mukamaliza kukonza, m'foni mwanu mumakhala mavidiyo awiri ofanana, woyamba ndi wobisidwa, ndipo mwachangu n'kosavuta kudina wolakwika; tsegulani kaye muonetsetse. Woyambayo, ngati ndi umboni, kaperekeni kwa apolisi mmene alili, osakhudza kalikonse, ndipo ngati nkhani yake ndi ya mwana wozunzidwa imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ngati si umboni wa kanthu, mufufuteni, ndipo mulowenso mufoda ya zofufutidwa mukamuchotse komweko, chifukwa mafoni ambiri amasunga zimenezi kwa masiku pafupifupi 30, ndipo foni yanuyo adzukulu amaseweretsa madzulo aliwonse.