Chifukwa chochokera ntchito musachilembe pa sivi

"Anandichotsa ntchito mu 2022 titakangana ndi bwana. Ndilembe chiyani pa sivi, nanga akandifunsa ndiyankhe bwanji?"

Achimwene, pa sivi lembani dzina la kampani, udindo, ndi mwezi ndi chaka chimene munayamba ndi kusiya, basi. Chifukwa chochokera sichilembedwa pamenepo. Ngati munagwirako zaka ziwiri, musaifufute ntchitoyo, chifukwa mpata wa zaka ziwiri umadzutsa mafunso ambiri kuposa kuchotsedwako.

Musanapite ku intaviyu, katengeni kalata yotsimikizira kuti munagwira ntchito kumeneko. Lamulo la ntchito la 2000 kuno ku Malawi limati abwana aipereke mukaipempha, ndipo chifukwa chochotsedwera salembamo pokhapokha inuyo mutafuna.

Akakufunsani, yankhani ziganizo zitatu zokha: chimene chinachitika, mbali yanu, ndi chimene mwasintha. Mwachitsanzo: "Sitinagwirizane pa kachitidwe ka malipoti, ndinayankha mopsa mtima ndipo anandichotsa. Masiku ano nkhani yotere ndimaipereka polemba." Mukatero khalani chete. Ambiri amagwa apa, amapitiriza kulankhula mpaka kuyamba kunyoza bwana wakale, ofunsawo n'kumaganiza kuti mawa adzanyozedwa ndi iwo.

Chonde musanene kuti munasiya nokha. Foni imodzi kuntchito kwanu kwakale imaulula zonse, ndipo bodzalo likhoza kukuchotsetsaninso ngakhale atakulembani kale.