Kudula m'munsi mwa vidiyo si kufufuta mawu, ndi kuwononga

Ndakwiya, ndipo ndinena. Dzulo mnzanga wanditumizira vidiyo ya mayi wina akuphunzitsa kuika ulusi m'makina osokera. Akuti inali ndi mawu olembedwa m'munsi m'chilankhulo chomwe sitimva, ndiye "wawachotsa". Nditsegule, ndikuona nkhope ya mayiyo, mapewa, mutu wa makina, basi. Manja kulibe! Singano kulibe, bobini kulibe. Chinthu chenicheni chomwe ndimafuna kuona chinapita limodzi ndi mawuwo.

Abale, mawu omatiriridwa pachithunzi ndi mbali ya chithunzicho. Sakhala pamwamba ngati pepala loti mumatule. Mukadula pomwe pali mawu, mwadula chithunzi. Palibe chomwe mwafufuta, mwangotaya.

Tawerengani nokha. Vidiyoyo inali ya 1920x1080. Kuti mizere iwiri ya mawu ichoke, iye anadula m'munsi mizere 200 ya mapikiseli, timadontho timene timapanga chithunzi, n'kutsala 1920x880. Pamenepo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu lapita kale. Koma sizinathere pomwepo ayi. Chithunzi chotsalacho sichidzazanso sikirini ya 16:9, ndiye pofuna kubisa mizere yakuda anachikulitsa. Kuti msinkhu wa 880 ukwane pa 16:9, m'lifupi muyenera kutsala 1564, kutanthauza kuti mapikiseli 178 achoka kumanzere, ena 178 kumanja. Zonse pamodzi, gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi latayika. Limodzi mwa atatu! Chotsalacho, poti chakokedwa kuti chikule ndiponso chasungidwa kachiwiri, chikuoneka mbuu ngati galasi lothiridwa mpweya. Ena m'malo mokulitsa amangochikoka chokweza, anthu n'kumaoneka a nkhope zazitali ngati akudwala.

Walira mvula walira matope. Mwafuna chithunzi chopanda mawu, landiraninso munthu wopanda manja.

Ndikudziwa, pali pomwe kudula sikupweteka. Filimu yotambalala ya 2.39:1, ikakhala mu vidiyo ya 1920x1080, imakhala ndi mzere wakuda wa mapikiseli pafupifupi 138 pamwamba ndi wina pansi. Mawu akakhala mumdimamo, dulani, simutaya kanthu. Koma imitsani vidiyo pomwe pali mizere iwiri ya mawu muone kaye, chifukwa mzere wapamwamba nthawi zambiri umakwera n'kulowa m'chithunzi. Mnzangayu sanayang'ane n'komwe. Changu basi.

Wojambula anaika manja a mayiyo m'munsi mwadala, pakuti m'pomwe pali ntchito. M'munsimo ndi momwe mumakhala dzina la woyankhula, mapazi a wovina, mpira uli pansi. Inu ndani kuti muzidula zimenezo? Bola mawu achilendowo akadakhala, ndikadangowanyalanyaza n'kumaona ulusi ukulowa pa singano.

Ndipo inunso amene mumamatirira mawu pachithunzi, chikukuvutani n'chiyani kuwaika padera mu fayilo ya .srt, munthu azitha kuyatsa ndi kuzimitsa yekha? Vuto lonseli mwaliyambitsa ndinu.