Mwezi si masabata anayi, abale!

Ndapsa mtima dzulo, ndipo sindinazizirebe. Mlamu wanga amagwira ntchito m'shopu ina ya zitsulo cha ku Malangalanga, ndipo Lachisanu lililonse amalandira K60,000. Abwana ake amuyitana akuti: "Kuyambira pano tizikulipirani pamwezi. Masabata anayi ndi K240,000, koma poti ndinu olimbikira, tikuwonjezerani ifike K250,000." Munthu wabwera kunyumba akumwetulira, wagula ndi nkhuku yomwe, ati andikweza malipiro.

Alamu, sanakukwezeni. Akudulani!

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwezi si masabata anayi. Masabata anayi ndi masiku 28, ndiye tandiuzani, kupatula Febuluwale, ndi mwezi uti umathera pa 28? Miyezi inayo ili ndi masiku 30 kapena 31, ndipo masiku awiri atatu otsalawo mumadzukabe m'mamawa, mumakwerabe minibasi, mumanyamulabe malata. Mukawerenga masabata anayi mwezi uliwonse, chaka chanu chikhala ndi masabata 48 okha. Chaka chenicheni chili ndi masabata 52. Masabata anayi athunthu asowa, pafupifupi mwezi wonse wogwira ntchito yaulere.

Tengani foni, tsegulani kakyuleta, tionere limodzi. K60,000 kuchulukitsa ndi 52 ikupereka K3,120,000 pachaka. Ndalama imeneyi kuigawa ndi 12 ikutuluka K260,000. Amenewa ndiwo malipiro amene mlamu wangayo amalandira kale pamwezi, ngakhale iye sanaonepo ndalama yotere m'manja nthawi imodzi. Tsono K250,000 ya abwanayi kuchulukitsa ndi 12 ndi K3,000,000 basi. K120,000 yapita pachaka, malipiro a masabata awiri enieni, mwini wake akuwomba m'manja kuthokoza. Akanakhala kuti abwana sanaike ka K10,000 ka pamwambako, bwenzi itapita K240,000.

Wina anena kuti, nanga ine ndikamalandira pasabata ndimaona ma envulopu anayi okha pamwezi bwanji? Yang'anani kalendala bwinobwino. Mu 2026, Januwale, Meyi, Julayi ndi Okutobala ili ndi Lachisanu kasanu. Envulopu yachisanuyo si bonasi, si mwayi, si chifundo cha abwana. Ndi timasiku tija timatsala mwezi ndi mwezi taunjikana mpaka kukwana sabata. Wokulipirani pamwezi pochulukitsa ndi 4 wakulandani ma envulopu amenewa onse anayi. Olandira pa masabata awiri aliwonse, nkhani ndi yomweyi: mumalandira ka 26 pachaka, osati ka 24 ngati uja amalandira pakati pa mwezi ndi kumapeto kwake.

Mwina abwana enawo sadziwa masamu, mwina akudziwa bwino lomwe, izo ndi zawo. Chimene ndikukana ine n'chakuti tizivomera msangamsanga chifukwa nambala yamveka yaikulu. K250,000 imamveka yonona kuposa K60,000, inde, koma simungayerekeze ya pamwezi ndi ya pasabata musanazifikitse zonse pachaka. Ya pasabata chulukitsani ndi 52, ya pamwezi ndi 12, kenako muziike pamodzi muone yaikulu. Ndipo zonse ziwiri zikhale zisanadulidwe msonkho wa PAYE ndi penshoni, kapena zonse zitadulidwa kale, osasakaniza.

Pali pamodzi pokha pamene ndingawamvere abwanawo. Ngati shopu imatseka masabata awiri pa Khirisimasi ndipo a pasabata salandira kanthu, ndiye kuti masabata olipidwa ndi 50, ndipo 50 kuchulukitsa ndi K60,000 ndi K3,000,000, chimodzimodzi ndi ya pamwezi ija. Pamenepo sanakudule, komanso sanakukweze ngakhale tambala. Choncho werengani masabata amene mumalandiradi ndalama, funsaninso ngati ya pamweziyo idzabwera yonse mukadwala kapena mukapita kutchuthi. Koma shopu ya mlamu wangayi simatseka, ngakhale pa 24 Disembala amaweruka mdima utagwa. Ndiye kukweza kwake kuli pati?

Komanso izi zolipira pamwezi, mwezi wake umatha liti? Pasabata munthu amadziwa kuti Lachisanu madzulo agula ufa ndi makala. Pano amuuza kuti "kumapeto kwa mwezi", ndipo tonse mu Lilongwe muno tikudziwa kuti kwa mabwana ena mapeto a mwezi amafika pa 7 mwezi winawo. Alandilodi ku Chinsapo sadikira zimenezo, pa 1 ali pakhomo. Munthu athamangire kwa akatapila, abwereke K100,000 kuti adzabweze K150,000, pamene ndalama yake yomwe anaikhetsera thukuta ili phee mu akaunti ya abwana. Zachibwana basi!