Lipoti la malonda lokwana 104 peresenti, anthu asanu n'kusainira!

Abale anga, ndatopa nazo. Sabata yathayi mphwanga wina amene ali ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba anandibweretsera lipoti la malonda a mwezi watha kuti ndilione asanapite nalo kukapempha ngongole. Pepala lake losalala bwino, mitundu yowala, chithunzi chozungulira chogawidwa bwinobwino. Kalaliki analemba, wa sitoko anaona, manijala anasaina, mwini wake anasaina, ngakhale mnzake wogawana naye bizinesi anaikapo dzanja. Ndinangoyendetsa chala pa maperesenti: simenti 48, malata 28, penti 16, misomali 8, mapaipi 4. Wonkhetsani nokha. Zikukwana 104.

Anthu asanu akuluakulu, onse odziwa kuwerenga ndalama, palibe ndi mmodzi yemwe amene anawonkhetsa manambala asanu? Foni ili m'thumba, kakyuleta ili pa kauntala pomwepo. Mukasinthitsa K5,000 pa msika mumawerenga chenji kawiri, koma lipoti la malonda a mamiliyoni mukungoliyang'ana mitundu basi? Katundu yense amene munagulitsa ndi 100 peresenti. Ina 4 yo munagulitsa chiyani, ndipo munagulitsa kwa yani?

Nditamufunsa kalaliki uja, yankho linali lomwe lija ndalimva kambirimbiri: "Bwana, ndi kompyuta, imazungulitsa manambala." Ayi, mwanawe, usanamizire kompyuta. Kuchotsa tizigawo ta pambuyo pa kadontho kuli ndi malire ake. Nambala iliyonse ikasandutsidwa yathunthu, imasuntha osaposa theka la peresenti. 15.6 ikhala 16, 28.1 ikhala 28. Mizere ikakhala isanu, ngakhale yonse itasunthira mbali imodzi, kusiyana sikungapose 2.5. Ndiye 99 kapena 101 pa mizere isanu n'zomveka. Masitolo atatu ogulitsa mofanana ndendende apereka 33, 33, 33, zonse pamodzi 99, ndipo palibe wolakwa. Koma 104 pa mizere isanu? Pamenepo palibe chozungulitsa. Chilipo chimene chasokonekera.

Tinatsegula Excel ija. Simenti K9,200,000, malata K5,400,000, penti K3,000,000, misomali K1,600,000, mapaipi K800,000. Pa dzanja zimenezi zikukwana K20,000,000. Koma m'kabokosi ka chiwonkhetso munali K19,200,000. Chifukwa chake n'chakuti mapaipi anayamba kugulitsidwa posachedwapa, ndiye mnyamatayo anangowonjezera mzere watsopano pansi pa misomali, osayang'ana fomula. Fomulayo inatsala momwe inalili kale:

```
=SUM(B2:B5)
```

pamene mapaipi ali pa B6. Nthawi zina Excel imadzikonza yokha mukawonjezera mzere, nthawi zina ayi, ndipo apa siinatero. Ndiye katundu aliyense anagawidwa ndi chiwonkhetso choperewera. Simenti, m'malo mwa 46, anakwera kufika 47.9. Malata, m'malo mwa 27, anakhala 28.1. Penti ndi 15 weniweni koma analembedwa 15.6. Aliyense anafufuma pang'ono, pang'ono pokha moti diso silingaone mukamayang'ana mzere umodziumodzi. Muyenera kuwonkhetsa kuti muone.

Ndipo taonani chizindikiro chimene chinali poyera. Maperesenti anapitirira ndi 4, ndipo mzere umene unali ndi 4 ndi wa mapaipi. Si mwangozi. Mzere ukasiyidwa kunja kwa chiwonkhetso, ina yonseyo imakwana 100 payokha, ndipo wosiyidwawo umangokhala pamwamba ngati wowonjezera. Choncho mukapeza 104, funani mzere wa 4. Mukapeza 112, funani wa 12. Nthawi zambiri wolakwayo mumupeza pomwepo osachita kutuluka thukuta. Ndiponso pakona pa kabokosi ka chiwonkhetso panali kachizindikiro kobiriwira kaja kamene Excel imaika ikaona kuti fomula yadumpha manambala oyandikana nayo. Mwezi wonse kanali pomwepo. Kodi mumayesa n'kokongoletsa?

Wina anena kuti 4 peresenti n'kanthu kakang'ono. Kanthu kakang'ono? Mphwangayo anakonza zooda katundu wa K10,000,000 potsatira maperesenti omwewo. Simenti K4,800,000, malata K2,800,000, penti K1,600,000, misomali K800,000, mapaipi K400,000. Zonse pamodzi K10,400,000. K400,000 yapamwambayo aitenga kuti? Akanaimbira kale ogulitsa asanu, aliyense n'kumulonjeza gawo lake, tsiku lolipira n'kupezeka kuti womaliza alibe chake. Nanga kumene amapereka komishoni kapena bonasi potengera gawo limene wogulitsa aliyense wabweretsa? Mugawa ndalama zimene kulibe, kapena mudya za mnzanu osadziwa, kenako muyambe kulozana zala kuti wina waba. Nanga wa ngongole uja akawonkhetsa yekha n'kupeza 104, akhulupiriranso nambala iti papepala lanulo? Adzalibweza, ndipo sadzakuuzani chifukwa chake.

Musaganize kuti ndi shopu imodzi yokha. Ndaona lipoti lokwana 50 peresenti ndendende. Anthu n'kumadabwa kuti theka la malonda lapita kuti, pamene vuto linali loti SUM inameza mizere ya katundu pamodzi ndi mizere ya ziwonkhetso za nthambi iliyonse, ndalama iliyonse n'kuwerengedwa kawiri. Ndaona lina lokwana 116.5, nthawi imene VAT inali 16.5 peresenti: mizere ya katundu inatengedwa pa malisiti, msonkho uli momwemo, koma chiwonkhetso chinatengedwa kwa akauntanti, msonkho atachotsa. Nambala ikuchita kufuula yokha kuti ndine VAT, koma munthu n'kusindikiza n'kugawa pa msonkhano. Palinso aja amabisa mizere kapena kusefa kuti pepala lioneke lalifupi, osadziwa kuti SUM imawerengabe zobisikazo, ndiye zooneka zikukwana 87 ndipo palibe akufunsa za 13. Katundu wobwezedwa nayenso: kumuchotsa pa chiwonkhetso koma kumusiya m'mizere, maperesenti n'kupitirira.

Ndiye pali ulesi uwu wokoka fomula. Mwalemba `=B2/B7` pamzere woyamba, mwakokera pansi, osaona kuti wachiwiri wasanduka `=B3/B8`, wachitatu `=B4/B9`. Mukachita mwayi, mabokosi apansiwo amakhala opanda kanthu ndipo Excel imakulemberani `#DIV/0!` moti mudzidzimuka. Koma pansi pa chiwonkhetso pakakhala nambala ina, monga ya mwezi wam'mbuyo kapena ya chandamale cha malonda, fomula igawa ndi imeneyo mwakachetechete n'kukupatsani peresenti yooneka yaulemu. Chimakuvutani n'chiyani kuika `$` kuti B7 isasunthe mukamakoka fomula? Zoyenera ndi izi:

```
C2:  =B2/$B$7
C7:  =SUM(C2:C6)
```

Mzere wachiwiriwo ndiwo ndikuufuna pa lipoti lililonse. Koma mundimvetse bwino: C7 ikhale SUM ya maperesenti amene ali pamwamba pake. Ambiri amangotayipa 100% ndi dzanja pansi pa ndandanda, kapena kukokera fomula ija mpaka igawe chiwonkhetso ndi chiwonkhetso chomwecho. Nambala iliyonse mukaigawa ndi iyo yomwe ipereka 100 peresenti, ngakhale pamwamba pake patakhala zinyalala zokhazokha. Pa lipoti la mphwanga lija pansi panalembedwa 100% mwa zilembo zakuda bii, pamwamba pali 104. Kodi mukunamiza yani?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi aja ochenjera amene amaona kusiyanako n'kukubisa. Apeza 104, achotsa 4 pa simenti, basi zakwana. Apeza 93, alenga mzere wa "zina ndi zina" n'kuikapo 7. Umenewo si ukalaliki, ndi bodza lolemba. Mwaphimba chilonda ndi nsalu yoyera mafinya ali m'kati. "Zina ndi zina" zikhale ndi ndalama zake zochokera m'buku la malonda, ndipo peresenti yake ituluke pa ndalamazo ngati mizere ina yonse. Ngati kusiyana n'kwa 1 chabe kobwera ndi kuchotsa tizigawo, onetsani nambala imodzi pambuyo pa kadontho, kapena lembani pansi pa pepala kuti maperesenti sangakwane 100 ndendende pa chifukwa chimenecho. Musakhudze nambala ya katundu aliyense kuti mukondweretse maso a bwana.

Musadalirenso chithunzi chozungulira chija. Chimadzaza nthawi zonse. Muchipatse manambala okwana 104 kapena 60, chigawa bwalo lonse malinga ndi zimene mwachipatsa, osasiya mpata woti muone kuti china chasowa. Anthu asanu aja anapusitsidwa ndi chimenechi: bwalo linali lathunthu, ndiye mitima inakhala pansi.

Tsono wina asachoke pano akudzitama kuti lake likukwana 100, ndiye zonse zili bwino. Mnyamata uja akanaiwaliratu mapaipi, osawalemba n'komwe, simenti, malata, penti ndi misomali zikanakwana 100 bwinobwino pa K19,200,000, ndipo K800,000 ikanasowa popanda chizindikiro chilichonse. Maperesenti amangokuuzani ngati mizere ikugwirizana ndi chiwonkhetso chimene chili papepalapo. Sakuuzani ngati chiwonkhetsocho n'choona. Chimenecho mukachiyerekeze ndi buku la malonda, malisiti, ndalama zimene zinalowa ku banki ndi pa foni, komanso katundu wotuluka pa ngongole. Ndiye ntchito zake ndi ziwiri, ndipo yachiwiriyo musaidumphe chifukwa yoyamba yatuluka bwino.

Komanso musatenge chenjezoli n'kuyamba kuwonkhetsa peresenti iliyonse imene mwaiona. Ndinamvapo za manijala amene anakalipira kalaliki chifukwa ndandanda ya kukwera kwa malonda siinakwane 100. Simenti wakwera ndi 10 peresenti poyerekeza ndi mwezi watha, penti watsika ndi 5: aliyense akuyezedwa ndi malonda ake a m'mbuyo, ndiye kuwawonkhetsa n'kupanda nzeru. Chimodzimodzi peresenti ya phindu pa katundu aliyense. Oyenera kukwana 100 ndi okhawo ogawana chiwonkhetso chimodzi, katundu aliyense atawerengedwa kamodzi kokha. Ngati manijala sakudziwa kusiyanitsa zimenezi, akusainira chiyani?

Inu mabwana, dzina lanu likakhala pansi pa pepala, zolakwa zonse zili pamenepo ndi zanu, musamakankhire mwana amene munamulemba ntchito dzana. Ndipo inu olemba malipoti, lekani kuthera ola lonse mukusankha mtundu wa chithunzi pamene kuwonkhetsa mizere isanu kukukukanikani. Zamanyazi!