Ikani tsinjiro, musamangowiritsa

"Mbatata yofiira m'kati imaphikidwa bwanji kuti ithandize maso a ana?"

Kuno ku Ntcheu ambiri timangoiwiritsa n'kupatsa mwana ndi tiyi. Vitamini A wa mu mbatatayi amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndiye futali wothira tsinjiro amaposa yowiritsa chabe. Tengani mbatata ya mtundu wa Zondeni kapena Kadyaubwerere, tsukani, muphike ndi makoko ake m'madzi ochepa, mphika uli wovundikira. Ikafewa msanga, chifukwa ina imachita madzimadzi, phulani pomwepo isaphikike mpaka kusungunuka. Sendani, phwanyani, thirani masupuni awiri a tsinjiro n'kubwezera pamoto pang'ono kuti tsinjiro lipse. Mbatata imodzi yaing'ono imamupatsa mwana wosafika zaka 5 vitamini A womukwanira pa tsiku. Khanda lokwana miyezi 6 musakanizireni m'phala.

Pomwe timataya zambiri ndi pa makaka. Mukayanika padzuwa lamphamvu masiku ambiri kenako n'kusunga miyezi, mtundu uja umafwifwa, ndipo kufwifwako ndiye vitamini akutha. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, musasungenso nthawi yaitali.

Mwana akamapunthwa kukangoyamba mdima kapena maso akamauma, musadalire mbatata yokha, pitani naye kuchipatala.